Mitu ya anthu asanu, buku limodzi: muyambire pati

"Ndife anthu asanu kuno ku Ulongwe, ndipo talemba kabuku ka ulimi wa chimanga ndi mbatatesi, aliyense mutu wake. Awiri adaphunzira ku Malawi, atatufe kuno. Wina walemba cimanga, wina chimanga. Wina anabzala, wina adabzala. Kodi ndilumikize kaye mitu yonse kenako ndikonze?"

Bambo, musalumikize kaye. Mutu uliwonse ukonzedwe uli pawokha, chifukwa mukangoiphatikiza simudzadziwanso kuti chilembo chomwe mukuchiona chidalembedwa potsata lamulo liti.

Poyamba khalani pansi nonse asanu, mugwirizane pa tsamba limodzi kalembedwe kamene mutsate. Ku Mozambique kuno, kuchokera pa msonkhano wa kalembedwe ka ziyankhulo za dziko lino wa mu 1988, chilembo c chimaima chokha, n'chifukwa chake timaona Cinyanja pa mabuku a kusukulu, pamene malamulo a ku Malawi, monga a mu 1990, amafuna ch. Palibe cholakwika pa ziwirizi. Funso n'lakuti owerenga anu adazolowera chiti, ndipo kwa alimi a ku Angónia ndi Tsangano, amene ambiri amawerenga mabuku a kutchalitchi osindikizidwa ku Malawi, ine ndingasankhe ch.

Msampha uli apa. Amene amalemba cimanga kawirikawiri amasunga ch kuti aimire liwu lotuluka ndi mpweya, lomwe enawo amalemba tch, motero kwa iye ntchito ndi nchito. Mukasintha c aliyense kukhala ch mwachisawawa, mudzapeza chhimanga m'mitu ya anzanu awiri aja, ndi nchhito m'mitu ya atatu inu. Choncho tsegulani mitu itatu yokha ija, umodziumodzi. Yambani ndi ch wakale, mum'sandutse tch pomwe pakufunika, liwu ndi liwu. Mukatero, mu Word dinani Ctrl+H, kenako More, chongani Use wildcards, ndipo lembani izi:

```
Find what:    c([!h])
Replace with: ch\1
```

Lamuloli limagwira c yekhayo amene sakutsatidwa ndi h. Limasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, kotero mubwereze ndi C. Mukasemphanitsa masitepe awiriwa, chimanga chonse chisanduka tchimanga. Ndiponso musadine Replace All, chifukwa makina sadziwa Chipwitikizi ndipo Macanga adzakhala Machanga. Pitani ndi Find Next ndi Replace, muzidumpha mayina a malo ndi a mankhwala.

Nkhani ya anabzala ndi adabzala ndiyo yofuna diso la munthu. Kuno ndi kuchigawo chapakati cha Malawi timakonda -da- pa zinthu zakale, ena amalemba -na-, ndipo buku limodzi lisankhe imodzi. Koma musayerekeze kuuza makina kuti asinthe ana kukhala ada, poti ana a mlimi adzasanduka ada, masana akhale masada. Njira yake ndi kufufuza magulu monga ana, tina, ina ndi zina, n'kumaweruza paliponse ngati ndi mneni kapena ayi. Pa kabuku ka malangizo pali vuto lina loposa limeneli: wina walemba kuti mlimi amabzala, wina bzalani, wina tiyenera kubzala. Langizo langa n'lakuti malangizo onse akhale olamula mwaulemu, bzalani, thirani, palirani, ndipo nthawi yakale itsale pofotokoza zomwe zidachitika m'minda yachitsanzo basi.

Mawu a ntchito muwalembe pa tsamba lomwe lija m'mizere iwiri, losankhidwa ndi osiyidwa. Mukasankha feteleza, adubo atchulidwe kamodzi kokha poyambirira kuti amene amagula ndi dzina limenelo kusitolo asasokonezeke. Samalani kwambiri miyeso, chifukwa apa kulakwitsa kumafika m'munda. Hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala 2.47, ndiye ngati mutu wina ukunena matumba 2 pa ekala, pa hekitala ndi pafupifupi matumba 5. Kungosintha liwulo osasintha nambala ndi kunamiza mlimi. Mugwirizanenso ngati muzilemba 2.5 kapena 2,5 monga zimalembedwera pa Chipwitikizi.

Kulumikiza kwenikweni ndi kwachidule. Vomerezani kapena kanani zosintha zonse za Track Changes m'mutu uliwonse, tsegulani fayilo yatsopano, ndipo lowetsani mitu motsatana kudzera pa Insert, Object, Text from File. Mayina a mitu muwapatse Heading 1 m'malo mowakulitsa pamanja, kuti mndandanda wa zam'kati udzipange wokha mukadina References, Table of Contents. Mutu umene sukuonekamo ndiye kuti mwaudumpha.

Pomaliza munthu mmodzi yekha awerenge buku lonse mokweza, cholembera chili m'manja, akusaka malo amene mawu asintha mwini, monga pamene inu wasanduka iwe kapena chinthu chafotokozedwa kawiri m'mitu yosiyana. Anayi enawo aliyense aone mutu wake kuti tanthauzo silinapotoke, makamaka manambala, koma asabwezeremo kalembedwe kawo kakale.