Lachisanu ladutsa, yankho la ntchito silinabwere

Abale amene mwangofika kuno ku Britain, izi mukumana nazo posachedwa. Mwachita intaviyu, tinene kunyumba yosamalira okalamba, manijala wakuuzani kuti mumva pofika Lachisanu, koma tsikulo lafika mpaka kunja kuda, foni ili zii. Kwathu kukumbutsa bwana zimene analonjeza kumaoneka ngati mwano. Kuno n'kololedwa, bola mudziwe nthawi yake ndi kalembedwe kake.

Musalembe Lachisanu lomwelo. Loweruka ndi Lamlungu sawerengera, ndipo Lolemba anthu amakhala akulimbana ndi maimelo amene aunjikana. Lembani Lachiwiri m'mawa. Musanalembe, tsegulani Junk kapena Spam, mumverenso mauthenga amawu pafoni, chifukwa ena amaimba ndi nambala yobisika ndipo ife timangoikana poganiza kuti ndi akuba.

Yankhani pa imelo yomwe anakuitanirani ku intaviyu ija, kuti wowerenga akukumbukireni asanayambe kufufuza. Ngati anasaina ndi dzina loyamba, inunso mutchuleni ndi dzina loyambalo, sakhumudwa. Mawuwo mulemba m'Chingerezi, koma mfundo zake zikhale izi: “Zikomo pondipatsa mpata wa intaviyu Lachitatu lapitali pa ntchito yosamalira okalamba. Munanena kuti ndimva pofika Lachisanu, ndiye ndimati ndidziwe ngati pali tsiku lina limene ndingayembekezere yankho. Ntchitoyi ndikuifunabe, ndipo ngati pali pepala losowa nditumiza lero.” Basi, zakwana.

Mwaona kuti uthengawu ukufunsa tsiku, osati chifukwa chimene achedwera. Funso lakuti bwanji simunandiyankhe limamuika munthu pamlandu, pomwe mwina akudikira siginecha ya mkulu wake amene ali patchuthi, kapena munthu amene munamupereka kuti akuchitireni umboni sanayankhe. Za lendi, za fizi ya ana kumudzi, za mavuto amene mwakumana nawo, zisungeni. Zimamveka bwino kwa m'bale, koma pa imelo ya ntchito zimangokwirira funso lanu.

Chimene muyenera kutchula ndi tsiku lokupanikizani, ngati lilipodi. Amene abwana awo alandidwa chilolezo cholemba ntchito alendo kawirikawiri amapatsidwa masiku 60 ndi a Home Office kuti apeze owalemba ena, ndiye tsiku lothera lilembeni momveka, chifukwa wolemba ntchito watsopano afunikanso nthawi yokonza Certificate of Sponsorship. Koma musaname kuti kwina akukufunani. Ena amangoyankha kuti zabwino zonse kumeneko.

Ngati munadutsira ku ejensi, funsani ejensiyo, osati kampani. Sabata ikatha osayankhidwa, imbani foni kamodzi kapena lembani kachiwiri mwachidule, kenako siyani, muzifunsira kwina. Akakuuzani pafoni kuti mwatengedwa, pemphani kalata, ndipo kumene mukugwira panopa musasiye kalatayo isanafike.