Bodi yakana ndalama za kampani ya mowa, kalatayo ndiilembe bwanji?

"Alangizi, ndinamaliza dipuloma chaka chatha ndipo ndine mlembi pa kabungwe kolipirira fizi atsikana a sekondale ku Zomba. Kampani ina yofulula mowa yatilonjeza K3 miliyoni, koma ikufuna dzina lake likhale pa zikwama ndi malaya a anawo. Bodi yakana, ndipo andiuza kuti ndilembe kalata. Amayi anga akuti ndalama sakana, ndikawanyengerere mabwana asinthe maganizo. Inenso ndimalakalaka ntchito ku kampaniyo. Ndilembe bwanji?"

Chemwali, makalata ngati yanuyi ndimalandira kawirikawiri, ndipo kumbuyo kwake sikulephera kukhala kholo lokankha. Amayi anu muwalemekeze, koma apa alakwa. Mwana amene sanathe n'chaka chomwe pa ntchito samutuma kukagwetsa chigamulo cha bodi. Atsikana anuwo ambiri sanakwane zaka 18, msinkhu umene lamulo limalola munthu kugula mowa. Taganizani mwana wa Fomu 2 akulowa pa geti la sukulu, dzina la mowa lili kumsana. Mawa lake ahedi ndi makolo adzafunsa bungwe lanu, osati kampaniyo.

Za ntchitozo, musadzinamize. Kalata imeneyi siingakupezereni mwayi kumeneko, komanso siingakutsekereni. Dzina lanu silikhalapo n'komwe: mulemba ndinu, koma wosayina ndi wapampando wa bodi kapena mkulu wa bungwe.

Musanagwire cholembera, tsegulani malamulo a bungwe lanu, aja munalembetsera ku boma, mupeze ndime yonena za zolinga. Pemphaninso maminitsi a msonkhano umene bodi inakanira. Chifukwa chokanira chichokere m'mapepala awiriwa, chifukwa kalata yabwino imanena chimene bungwe lanu lili, siiweruza malonda a wopereka. Mukalemba kuti "mowa wanu ukuwononga achinyamata", mwayamba ndewu. Mukalemba kuti "ife timatumikira ana osakwana zaka 18", palibe angakutsutseni.

Thunthu lake likhoza kukhala motere, ngakhale mutadzailemba m'Chingerezi:

"Talandira kalata yanu yotilonjeza K3 miliyoni, ndipo tikuthokoza kuti munaganizira maphunziro a atsikana athu. Bodi yathu inakambirana nkhaniyi ndipo inagwirizana kuti sitingathe kulandira thandizoli. Ana amene timawathandiza ambiri ndi osakwana zaka 18, ndipo sitiika dzina la chakumwa choledzeretsa pa zinthu zimene amavala kapena kunyamula. Tikudziwa kuti munachita izi ndi mtima wofuna kuthandiza, ndipo tikuyamikira nthawi imene munatipatsa."

Onani kuti kukanako kuli m'chiganizo chachiwiri. Apa ndi pamene olemba atsopano amagwa. Pochita manyazi amadzaza tsamba ndi mathokozo, kenaka n'kulemba kuti "pakali pano sitinakonzeke". Wowerenga amamva kuti abwerenso, ndipo Januwale asanathe foni yalira kale. Ena amanama kuti ndalama zawakwana. Bodza limenelo limaululika tsiku limene mudzapemphe thandizo pa wailesi. Yesani chonchi: mupatseni mnzanu kalatayo awerenge kamodzi, mumufunse ngati mwavomera kapena mwakana. Akazengereza kuyankha, lembaninso.

Pali funso limodzi loti mufunse wapampando musanalembe. Kodi bodi yakana dzina pa zikwama pokha, kapena ndalama iliyonse yochokera ku mowa? Ngati vuto ndi dzina lokha, kalata ikhoza kunena kuti thandizo lopanda chizindikiro cha kampani mungalikambirane. Ngati yakana zonse, musawonjezere chiganizo cha chiyembekezo pongofuna kufewetsa. Mukatero mwalonjeza zimene bodi sinalonjeze.

Kalatayo ituluke sabata isanathe, pa pepala la bungwe, yolembera munthu amene anasayina yawo ija, dzina ndi udindo wake. Ndibwino mkulu wanu ayambe wamuimbira foni, asamve kukanidwa koyamba kudzera pa envulopu. Ngati ndalama zalowa kale ku akaunti, zibwezedwe kudzera ku banki, osati pamanja, ndipo kalata itchule kuchuluka kwake ndi tsiku. Kope la kalata, silipi ya banki ndi maminitsi zikhale mu fayilo imodzi, chifukwa owerengera mabuku adzafunsa za ndalama inalowa n'kutulukanso, ndipo malipoti a pachaka amapita ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma.

Ndikudziwa kuti K3 miliyoni ikanalipirira ana angapo, ndipo zikupweteka. Komabe akuluakulu anu akanatha kuilemba okha kalatayi, koma akupatsani inu. Lembani ndime zinayi zosapitirira tsamba limodzi, mupite nazo kwa wapampando Lolemba m'mawa, ndipo akazidula ndi cholembera chofiira musakwiye.