Panelo ya 300W ikutulutsa 250W, andibera?

"Achimwene, ndili ku Senga Bay. Panelo yanga ndi ya 300W koma masana kontirola ya MPPT imangowerenga 250W, nditayeza ndi mita ndapeza 35V pomwe pasitika pali Voc 40V, Isc 9.7A, Vmp 32.6V, Imp 9.2A. Andibera kapena?"

Ayi achimwene, paneloyo ili bwinobwino. Manambala a pasitika amayezedwa pa zomwe amalemba kuti STC, dzuwa la 1000W pa sikweya mita, panelo ili pa madigiri 25. Ndiye 25 ameneyu ndi kutentha kwa panelo yeniyeniyo osati kwa mpweya ayi, tsono taganizani Okutobala wa kuno ku Salima, panelo ili pamalata 12 koloko masana, imafika 60 kaya 65 osavuta, kuigwira imawotcha.

Voc ndi voteji ya panelo isanalumikizidwe kulikonse, mawaya ali padera. Isc ndi ma ampu omwe amadutsa mukagundanitsa mawaya awiriwo. Ponse pawiri palibe wati ngakhale imodzi yomwe mukupeza, ndi manambala oyezera basi. Pomwe panelo imagwira ntchito zenizeni ndi pa Vmp ndi Imp, voteji ndi ma ampu ake ikamapereka mphamvu yake yonse, chulukitsani 32.6 ndi 9.2 mupeza 300W yanu ija, ndiye Pmax imeneyo.

Nambala yomwe anthu saiwerenga ili papepala la panelo, nthawi zambiri pasitika sipakhala, yolembedwa %/°C. Imakuuzani zomwe panelo imataya pa digiri iliyonse yopitirira 25. Mapanelo ambiri a mtundu wanuwu ya Pmax imakhala cha m'ma -0.4, ya Voc cha m'ma -0.3. Panelo ikafika 65 yakwera ndi madigiri 40, ndiye 40 kuchulukitsa 0.4 ndi 16 peresenti, 300W yatsika kufika 252W. Voc nayo yatsika ndi 12 peresenti, 40V yakhala 35V, ndendende zomwe mita yanu yakuuzani.

Mukafuna kugwira panelo yonamizira sitika musadalire voteji, chifukwa ngakhale panelo yofooka imaonetsa Voc yabwino kukangowala pang'ono. Yezani Isc, kutentha sikuisokoneza kwenikweni. Ipukuteni fumbi, ichotseni ku kontirola, iphimbeni ndi katoni, ikani mita pa 10A, lumikizani kenako vundukulani dzuwa lili paliwombo, kwa masekondi ochepa chabe poti 9.7A ili pafupi ndi malire a fyuzi ya mita. Mukapeza 8A kapena 9A ili bwino, koma 5A kumwamba kulibe mtambo bwererani nayo komwe munagula.

Chonde mukamadzaonjezera mapanelo powalumikiza motsatana, waya wa + wa panelo ina ku waya wa - wa inzake, kumbukirani kuti mavoteji awo amaphatikizana ndipo kukazizira Voc imakwera. M'mawa wa Juni pa madigiri 15 imafika 41.2V, awiri ndi 82V kontirola ya 100V ipirira, atatu ndi 124V ipsa. Ndipo panelo yanuyo muikweze pang'ono isagone pamalata, mphepo ya kunyanja izidutsa pansi pake, mawati ena abwerera.