Ntchito ya ku Mchinji kapena ya mu Lilongwe?

"Abale, ndithandizeni maganizo. Ndapeza ntchito ziwiri zowerengera ndalama, ina ku Mchinji boma, ina muno mu Lilongwe. Ya ku Mchinji malipiro ake ndi otsikirapo, koma ndi kufupi ndi mayi anga amasiye amene akudwala shuga ndi BP. Akazi anga ali ndi benchi ya kaunjika ku Area 25, ndipo mwana wamkulu ali Sitandade 8. Nditani?"

Achimwene, musanayankhe mabwana aliwonse, pitani kaye kumudzi mukagoneko masiku awiri, mukaone kuti amene amawaphikira mayi ndani, amawakumbutsa mankhwala ndani, usiku akadzuka ndi chizungulire amaitana ndani. Yankho lanu lili pamenepo, chifukwa kukhala pafupi ndi kholo si kulisamalira ayi.

Ine ndinazionera pa bambo anga. Atachita sitiroko ndinavomera ntchito ku Dedza boma, banja n'kulisiya ku Kawale, mumtima ndikuti ndi mtunda wa makilomita 85 okha, Lachisanu lililonse ndizikwera minibasi. Miyezi itatu yoyamba ndinkapitadi. Kenako zinafika podumphitsa sabata, mapeto ake n'kumangopita mwezi ukatha, chifukwa malipiro amodzi ankalipira lendi kuwiri, matumba a makala awiri, mapoto awiri pamoto. Ndipo amene ankawasambitsa bambo, kuwatembenuza pamphasa ndi kuwamwetsa phala anali mlongo wanga. Ine ndinkafika dzuwa litalowa, n'kukhala pakhonde kufunsa kuti aswera bwanji. Matenda atakula anawatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mzinda umene ndinachokako kuja, ndipo amene ankapititsa chakudya kuchipatala anali akazi anga.

China chimene sindinachiganizire n'chakuti ukayandikira kwanu, malipiro ako amasanduka a mudzi wonse. Uyu feteleza, uyu fizi, uku bokosi la maliro, ndipo Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, pakhomo sipatha anthu. Sindikuwanena, ndi abale athu ndipo mavutowo ndi enieni, koma munthu amene waima pakhomo pako ndi thumba lopanda kanthu n'kovuta kumubweza. Abale anga a ku Blantyre nawo anayamba kuchedwa kutumiza, ati poti inu muli pomwepo.

Tsono za mayi. Shuga ndi BP si matenda ochira mwezi umodzi. Chofunika n'chakuti mankhwala asadukize, tsiku la kuchipatala lisaphonyedwe, chakudya chisachuluke mchere ndi shuga, ndipo pakhale munthu woona mapazi awo, chifukwa kabala kakang'ono kwa wodwala shuga kamachedwa kupola ndipo kamatha kukula mpaka kudulitsa mwendo. Zonsezi zimafuna munthu wogona nawo nyumba imodzi, komanso ndalama yosaphonya. Ngati alipo mlongo wanu kapena mdzukulu wamkulu wodalirika, ine ndingatenge ya mu Lilongwe. Ndalama imene yaposa ya ku Mchinji ija muipatule malipiro akangolowa: ina ya mankhwala akasowa kuchipatala, ina ya kabaza wa tsiku la kiliniki, ina ya wosamalirayo. Ameneyu musamangomuthokoza pakamwa, nayenso wasiya zake. Muwagulire kamakina koyezera BP ndi koyezera shuga, manambala azilemba m'kope, inu muziliona mukapita. Mchinji ndi makilomita pafupifupi 110 pamsewu wa tala, mutha kunyamuka m'mawa Loweruka n'kukadya nawo nsima ya masana.

Izi musazipange nokha. Itanani amalume, eni mbumba, pamodzi ndi abale anu onse, aliyense anene ndi pakamwa pake chimene azipereka pamwezi. Mayi nawonso afunsidwe. Ambiri sakana thandizo, koma kuwazula kumunda kwawo ndi kumpingo kwawo kuti akakhale mumpanda m'tauni kumawafooketsa.

Alamu anga musawaone ngati katundu wongokweza pa lole. Benchi ija makasitomala ake anawapeza pa zaka, ndipo tsiku limene ntchito yanu idzagwedezeke ndi benchi yomweyo idzagule ufa. Mwananso musamusunthe asanalembe mayeso.

Ya ku Mchinji ndingaivomere ngati mayi alidi okhaokha, akazi anu avomera ndi mtima wonse kudzakutsatirani mayeso akatha, ndiponso ntchitoyo ndi yokhazikika. Apa werengani kalata bwinobwino. Mabungwe ambiri a m'maboma amalemba anthu pa pulojekiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ikatha, maofesi ofuna wowerengera ndalama pa boma ndi owerengeka. Afunseni kuti kontirakiti ikutha liti, penshoni akudula ndi kuperekadi kapena ayi, nyumba akupereka kapena muzilipira nokha. Mukapita kumudzi kuja mudzatiuze kuti mwapeza ndani pakhomo pa mayi.