Mdani akakukanikani, muli ndi kwina kolowera?

"Mng'ono wanga akuti magemu a malevulo ngati Mario ndi achibwana, gemu yeniyeni ndi ija m'sitolo amailemba kuti Open World. Ndinayesako imodzi, ndinangoyendayenda osadziwa kolowera mpaka ndinazimitsa. Kodi mawuwa amatanthauza chiyani kwenikweni, nanga zikusiyana pati ndi magemu omwe ndinakula nawo? Kapena ndakalamba?"

Simunakalambe achimwene, ndipo mng'ono wanuyo mumuuze kuti akhale pansi kaye. Kalata yanuyi yandikhudza chifukwa mawu akuti "achibwana" ndawamva kambirimbiri, ndipo nthawi zonse amachokera kwa anthu oganiza kuti gemu imakoma chifukwa cha kukula kwa mapu. Kukula kwa mapu si kumene kumasiyanitsa mitundu iwiriyi. Chimene chimasiyanitsa n'chakuti ndani akusankha chotsatira: wopanga gemu kapena inuyo amene mwagwira kontirola.

Tiyambe ndi zimene mukuzidziwa kale. Super Mario Bros. ya 1985 ili ndi maiko 8, lililonse malevulo 4, onse pamodzi 32. Mumayambira kumanzere, mumathera kumanja, ndipo sikirini ikasuntha sibwereranso m'mbuyo. Wotchi ikuwerenga pamwamba. Wopanga gemuyo ankadziwa bwino lomwe chimene muone poyamba, chachiwiri, chachitatu. N'chifukwa chake mu 1-1 kamdani koyamba kamabwera kokhakokha pamalo osalala, kuti muphunzire kudumpha. Bowa woyamba akatuluka m'bokosi amatsetsereka, n'kugunda paipi, n'kubwerera komwe muli, kuti ngakhale mukumuopa akukhudzeni muone kuti ndi wabwino. Palibe mawu olembedwa okuphunzitsani, levuloyo ndiyo mphunzitsi. Zimenezi zimatheka chifukwa njira ndi imodzi. Inde, mu 1-2 muli mapaipi obisika odumphira ku dziko 2, 3 kapena 4, koma kumeneko n'kufupikitsa mzere womwewo, si kuuchoka.

Gemu ya dziko lotseguka, Open World ija, imakupatsani malo amodzi aakulu olumikizana, osadulidwadulidwa m'malevulo. Phiri limene mukuliona patali mukhoza kukafikako ndi miyendo yanu. Ntchito zoti muchite zamwazikana m'malomo, ndipo zambiri mukhoza kuzichita m'dongosolo lililonse, kapena kuzisiya. Ndipo si zatsopano monga achinyamata amaganizira. The Legend of Zelda ya 1986, yotuluka chaka chimodzi chokha pambuyo pa Mario wanuyo kuchokera ku kampani yomweyo ya Nintendo, inkakuponyani pakati pa tchire opanda ngakhale lupanga, phanga lili apo, osakuuzani kanthu.

Ine ndinamvetsa kusiyanaku ndi thupi langa lomwe pa Elden Ring ya 2022, ndipo mundilole ndifotokoze pang'onopang'ono chifukwa zonse zili m'menemu.

Mukangotuluka pansi pomwe gemu imayambira, mumafika ku Limgrave, dambo lobiriwira lokongola. Pafupi pomwepo pamayenda msilikali wa zovala zagolide atakwera chihatchi chachikulu, dzina lake Tree Sentinel. Munthu wokulira pa malevulo ubongo wake umamuuza chinthu chimodzi: mdani amene ali panjira yako ndiye woyenera kumenya tsopano, chifukwa akanakhala woposa msinkhu wako sakanamuika pamenepo. Ndinamupita. Anandimenya kawiri ndi chinkhwangwa chake, ndinafa. Ndinabwerera, ndinafanso. Usiku wonse unathera pamenepo, manja thukuta, ndikutukwana sikirini. M'mawa mnzanga wina atamva anangoseka, amvekere, "Ukulimbana naye chifukwa chiyani? Mzungulire." Kumuzungulira! Maganizo amenewo anali asanandifikepo n'komwe. Msilikali uja anaikidwa pamenepo dala kuti akuphunzitseni kuti muno si mwa Mario. Ndi phunziro loyamba, monga kamdani ka mu 1-1, kungoti likuphunzitsa zosiyana: osati "dumpha" koma "choka, udzabweranso".

Kenako pamabwera Margit, amene amalondera polowera ku Stormveil Castle. Pamalo opumira, aja amawatcha Site of Grace, pamatuluka kuwala koloza kumene nkhani ikupita, ndipo kumakulozerani kwa iyeyu. Anthu ambiri amasiyira gemu pamenepa. Mu gemu ya mzere umodzi, bosi akakukanikani muli ndi zosankha ziwiri basi: kuyesanso kapena kuzimitsa. Kuno kuli chachitatu. Ndinakwera hatchi yanga, Torrent, n'kulowera kummwera, kuwoloka mlatho kupita ku dera la Weeping Peninsula. Adani akumeneko ndi ofewerapo. M'matchalitchi atatu ogumuka akumeneko muli Sacred Tear, yomwe imachititsa kuti botolo lanu la mankhwala lizichiritsa kwambiri. Patsinde pa timitengo tagolide mumatola Golden Seed, yoonjezera mamwedwe a botololo. M'migodi mumakumba Smithing Stone yolimbitsira chida. Nditabwerera kwa Margit, anali yemweyo, mikwapulo yake yomweyo, koma ine ndinali munthu wina. Anagwa. Ndipo pambuyo pake ndinadzamva kuti pali kanjira ka m'mbali mwa phompho kolambalala nyumba yonse ya Stormveil, kokafikitsa ku Liurnia osamenyana ndi Margit ngakhale pang'ono.

Ndiye muyeso wanga ndi umenewo. Mukafuna kudziwa ngati gemu ili yotsegukadi, musaone kukula kwa mapu pa chithunzi chotsatsira. Funsani kuti: ndikakanika pano, ndili ndi kwina kopita kopindulitsa?

Koma walira mvula walira matope. Apa ndiye ndimasemphana ndi anthu ngati mng'ono wanu, ndipo ndikamalemba pano mtima ukuchita kutentha. Wopanga gemu akakupatsani ufulu amataya zinthu zomwe anali nazo m'manja, ndipo ena sabweza kanthu m'malo mwake.

Choyamba kutayika ndi kuyeza mphamvu za adani. Ngati sakudziwa kuti mufika liti pamalo, aikapo mdani wamphamvu bwanji? Njira ina ndi ya Elden Ring, dera lililonse lili ndi mphamvu zake zokhazikika, mukalowa molakwika muona nokha. Ku Limgrave komweko kuli bokosi lamsampha, mukalitsegula limakuponyani mu mgodi wa ku Caelid, kumene chilichonse chimakuphani musanaphethire. Njira ina ndi ya Oblivion ya 2006, kumene adani amakula limodzi ndi inu. Zomveka bwino pakamwa, koma mapeto ake mumakumana ndi achifwamba wamba a m'mbali mwa msewu atavala zida zodula kuposa za mfumu, ndipo simumva kuti mwakula chifukwa dziko lonse lakula nanu. Ine njira imeneyi ndimadana nayo, ndinene poyera.

Chachiwiri ndi nkhani. Mu The Witcher 3 ya 2015, Geralt akufunafuna Ciri, mwana amene anamulera, yemwe moyo wake uli pachiswe. Nkhani ikuti fulumira. Koma inu mukhoza kutha masabata mukusewera makhadi a Gwent ndi ogulitsa zinthu, ndipo palibe chimene chimachitika, ngoziyo imangokudikirani mwaulemu. Gemuyo ndimaikonda kwambiri, koma mpata umenewu ulipo. Yerekezani ndi Uncharted 2 ya 2009, pamene mukumenya nkhondo pamwamba pa sitima yothamanga kuchoka m'nkhalango kukwera m'mapiri achisanu. Mphindi iliyonse inakonzedwa, helikopita imabwera nthawi yake yeniyeni, mtima sumatsika. Zimenezo sizingatheke ngati wosewera ali ndi ufulu wotsika sitima kukathyola maluwa. Wina azinena kuti zimenezo n'zachibwana?

Chachitatu, chomwe ndikukayikira kuti n'chimene chinakugwetsani ulesi, ndi malo opanda kanthu. Dziko lalikulu liyenera kudzazidwa, ndipo kudzaza mosavuta n'kukopera ntchito imodzi kambirimbiri. Kwerani nsanja, mapu atseguke, tizizindikiro tiwirire ngati nyerere, pitani pa chilichonse mukaphe alonda, mutsegule bokosi, mupite pa china. Magemu a Assassin's Creed, kuyambira 2007, anatchukitsa kachitidwe ka nsanjaka, ndipo ambiri anatengera. Chizindikiro choti mwagwa m'gemu yotere n'chosavuta: mumapezeka kuti maso anu ali pa kamapu ka pakona nthawi zonse, dziko lenilenilo simukuliyang'ana. Pamenepo simukuyendanso m'dziko, mukungochonga ndandanda.

Komanso, kutseguka kumeneku kuli ndi malire ake paliponse, asakunamizeni. Grand Theft Auto III ya 2001, yomwe inachititsa kuti mtunduwu ufalikire, inkakutsekerani pachilumba cha Portland mpaka mutamaliza mamishoni ena, kenako njira ya ku Staunton Island n'kutseguka. Ndipo mukalowa mumishoni ya GTA, nthawi zambiri mwalowa mu levulo ya mzere umodzi yobisala mumzinda, mukapatuka pang'ono akuti mwalephera. Elden Ring nayo sikulolani kulowa mumzinda waukulu wa Leyndell musanapeze ma Great Rune awiri, omwe mumalandira mukagonjetsa mabosi akuluakulu. Imene inafika patali ndi Breath of the Wild ya 2017: mukamaliza tiakachisi tinayi ta pa Great Plateau, dera loyambira, n'kulandira chouluzira, mukhoza kulunjika ku Hyrule Castle kukamenyana ndi Ganon, bosi womaliza, muli ndi mitima itatu yokha. Akupherani pakhomo, koma palibe khoma lokuletsani. Pakati pa mitundu iwiriyi palinso ina, monga Super Mario 64 ya 1996, pomwe mumasankha chithunzi cholowamo m'nyumba yachifumu koma malevulo ake ndi odukaduka. Si zinthu ziwiri zokha zoyang'anizana ayi.

Nanga muchite bwanji?

Mukafuna kuyesanso, tsatirani nkhani yaikulu kwa maola oyambirira ngati kuti ndi malevulo, chifukwa kumeneko n'kumene gemu imakupatsani hatchi, mapu ndi njira yodumphira kumalo omwe munafikako kale. Musanakhale pansi sankhani chinthu chimodzi chokha choti muchite tsikulo, kaya ndi nsanja ija mukuiona uko, ndipo mukapatuka panjira chifukwa mwaona phanga, palibe cholakwika. Tizizindikiro ta pamapu musati mumalize tonse. Mu Breath of the Wild muli njere za Korok 900, ndipo mphoto yotolera zonse ndi kamulu kagolide kooneka ngati manyi, opangawo akukusekani. Mu The Witcher 3 tizizindikiro ta mafunso timazimitsika m'masetingi, ndipo gemu imakoma kuposa kale mukatero.

Ngati nthawi yanu yosewera ndi theka la ola madzulo, dziwani kuti m'dziko lotseguka nthawi imeneyo ikhoza kuthera paulendo ndi kusanja katundu m'chikwama, pomwe ya malevulo ikupatsani chiyambi, pakati ndi mbendera kumapeto. Zikatero gulani ya malevulo mtima uli m'malo, ndipo mng'ono wanuyo mumupatse kontirola pa 8-3 tione ngati afike pa mbendera.