Mapuloteni ochuluka koma magazi ochepa mu mayeloma

"Bambo anga kuno ku Angónia awapeza ndi mayeloma. Mapuloteni akwera bwanji, pomwe magazi achepa, impso zafooka, msana ukupweteka?"

Achimwene, mayeloma ndi khansa ya m'mafuta a m'mafupa, ndipo gwero la zonsezi ndi limodzi. Maselo a pulazima, amene amapanga zotetezera thupi, achulukana m'mafuta a m'mafupa ndipo akungotulutsa puloteni yamtundu umodzi yosathandiza. Mapuloteniwo si a nyama kapena nyemba zimene amadya.

Tizidutswa tating'ono ta puloteniyo timatseka timachubu ta impso. Maselo omwewo amadzutsa maselo odya fupa, ndiye fupa limabooka, msana nkumapweteka, kashiamu nkuthamangira m'magazi. Kashiamuyo akapitirira 2.75 mmol/L, amawonjezera ludzu ndi kukodza, impso nkuvutikanso.

Magazi amachepa chifukwa maselo abwino apanikizidwa m'mafutamo, komanso impso zodwala zimachepetsa mahomoni olimbikitsa kupanga magazi.

Pa ululu asamwe ibupulofeni kapena dikilofenaki, zimawononga impsozo. Miyendo ikayamba dzanzi kapena mkodzo ukakana kutuluka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.