Ntchito ya zowerengera ndalama ndiifunire kuti, Lilongwe kapena Blantyre?

"Ndili ndi dipuloma ya zowerengera ndalama ndipo ndikukhala kwa amalume ku Mzuzu. Ena akuti ndipite ku Lilongwe chifukwa kuli mabungwe, ena akuti ku Blantyre chifukwa kuli makampani. Ndalama ya thiransipoti ndi lendi ndili nayo ya ulendo umodzi basi. Ndingadziwe bwanji komwe akufunadi anthu ngati ine?"

Achemwali, kalata yanuyi ndaiwerenga katatu, chifukwa ulendo umodzi woterewu inenso ndinauyenda ndipo ndinauwononga. Ndinapita ku Lilongwe pongomva zonena za anthu. Ndinakhala miyezi isanu ndi iwiri m'chipinda cha lendi ku Area 25, ndikutumiza makalata paliponse pamene ndaona mawu oti akauntanti, ndipo anandiitana ku intavyu kamodzi kokha. Tsiku limenelo bambo wina anandifunsa ngati ndinalembapo lipoti la ndalama lopita kwa opereka thandizo. Ndinali ndisanalionepo ndi maso. Pobwerera m'minibasi ndi pamene ndinazindikira kuti ntchito zambiri zimene ndinkaziona mumzindawo sizinali zanga. Zinkafuna munthu wodziwa ndalama za mapulojekiti, pamene ine ndinkadziwa za sitolo, katundu wa m'nkhokwe ndi misonkho.

Ndinagula kope la masamu. Kwa masabata khumi ndi awiri ndinkalemba ntchito iliyonse ya zowerengera ndalama yotuluka mu The Nation ndi The Daily Times, kuphatikizapo za pa intaneti ndi za m'magulu a WhatsApp. Ndinkalemba tsiku, dzina la olemba ntchito, mzinda, luso limene atchula, zaka zimene akufuna kuti munthu akhale atagwira, ndi malipiro ngati awatchula. Masabata atatha ndinali ndi mizere 61. Nditafufuta zobwerezabwereza inatsala 38. Ntchito imodzi ya bungwe lina inali m'kopemo kasanu: m'nyuzipepala ziwiri, pa masamba awiri a pa intaneti, kenako pa WhatsApp tsiku lotsekera litadutsa kale. Anthu akamakuuzani kuti kwakutikwakuti ntchito zangoti mbwee, nthawi zambiri akuwerenga ntchito imodzi kasanu.

Pa 38 zija, zimene ndikanakwanitsa ndi mapepala anga ndi zaka zanga zinali 11 zokha, ndipo 8 mwa izo zinali za ku Blantyre ndi Limbe. Chonsecho Lilongwe ndi amene anali ndi mizere yambiri m'kopemo.

Pali china chimene chimandipweteka mpaka lero. Ntchito ikamalengezedwa mobwerezabwereza ndi kampani imodzimodzi, mwezi uno, mwezi wa mawa, mwezi winawo, achinyamata amasangalala kuti kumeneko akulemba anthu kwambiri. Ine ndimati muyambe mwafunsa. Mwina akusowadi munthu waluso limenelo, ndipo umenewo ndi mwayi. Koma mwinanso anthu akumalowa n'kuthawa chifukwa malipiro amachedwa kapena abwana ndi ovuta. Mungasiyanitse poona ngati mawu a chilengezocho akusintha. Akatsitsa zaka zimene akufuna, kuchoka pa zisanu kufika pa zitatu, ndiye kuti munthu akuwasowa. Chikamatuluka chimodzimodzi osasintha ngakhale liwu limodzi, funsani wina wogwira ntchito pafupi ndi pamenepo musanakwere basi.

Nyengonso imanamiza. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo usanatsegulidwe kumafunika makalaliki ambiri ku Kanengo ndi ku Limbe, koma ntchito zake ndi za miyezi yowerengeka. Mukawerenga m'nyengo imeneyo yokha mudzaganiza kuti zinthu zasintha pamene ndi nyengo chabe. Mabungwe nawo amalemba anthu ambiri pulojekiti ikangoyamba, kenako ziii. Ndipo tonse tinaona mu Januwale 2025, boma la Amereka litaimitsa thandizo lodzera ku USAID, momwe anthu odziwa ntchito yawo anabwerera kunyumba. Zimenezi zimakukhudzani inuyo mwachindunji, chifukwa ntchito imodzi ya bungwe ikalengezedwa pambuyo pa zoterezi, mukupikisana ndi anthu amene agwira zaka khumi. Nchifukwa chake sindigwirizana ndi amene amauza mwana aliyense wa dipuloma kuti athamangire ku mabungwe. Amanena ndi mtima wabwino, koma akukumbukira msika wa zaka zapitazo.

Za malipiro

Olemba ntchito ambiri kwathu kuno satchula malipiro pa chilengezo, ndipo ndimaona kuti nkulakwa, chifukwa munthu amawononga ndalama ya ulendo n'kukamva nambala yochititsa manyazi atafika kale. Ndiye manambala mudzawapeza kwa anzanu a m'kalasi amene anayamba ntchito, ndi kwa amene anakalowa intavyu. Afunseni ngati nambalayo ndi ya msonkho usanadulidwe kapena yofika m'manja, chifukwa anthu amasakaniza ziwirizi.

Mukaipeza musaikhulupirire payokha. Tiyerekeze kuti ntchito ina chaka chatha inkalipira K500,000 pamwezi ndipo pano ikulipira K600,000. Yakwera ndi 20 peresenti. Koma ngati mitengo ya zinthu yakwera ndi 30 peresenti, monga zinalili cha mu 2024, munthuyo amafunika K650,000 kuti agule zomwe ankagula kale. Ndiye kuti malipiro ake atsika. Kumbukiraninso Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. K600,000 imene inali pafupifupi madola 508 inasanduka madola 353 tsiku limodzi. Chiwerengero cha kukwera kwa mitengo amachitulutsa mwezi ndi mwezi a ofesi ya boma yoona za ziwerengero ku Zomba, ndipo nyuzipepala zimachilemba. Gawo la ntchito limene malipiro ake akuthamanga limodzi ndi mitengo kapena kuiposa, kumeneko anthu akusowadi. Kumene zilengezo zili zambiri koma malipiro angoima, ofuna ntchito ndi amene achuluka.

Luso ndi limene linandimasula ine. M'mizere yanga ija mawu oti Sage, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera ndalama, ankabwerabwera, limodzi ndi kudziwa kutumiza misonkho ya PAYE ndi VAT ku MRA. Ndinalipira maphunziro afupiafupi a Sage, ndipo ntchito ndinaipeza ku Limbe, ku kampani ina yogulitsa katundu wa pikulitsa. Ngati muli ndi kompyuta, lembani mizere yanu mu Excel, luso mulilembe mu kolamu D, ndipo muwerenge chonchi:

```
=COUNTIF(D:D,"*Sage*")
```

Sinthani liwulo n'kuikapo pulogalamu ina ngati QuickBooks, kapena mapepala a ukauntanti a ACCA kapena ICAM, ndipo m'malo mwa D:D muziika mizere ya mwezi umodzi yokha, muone limene likukwera pakati pa mwezi woyamba ndi wachitatu. Kusiyana kwa ntchito ziwiri kapena zitatu musakutenge ngati umboni, mizere yake ndi yochepa. Yang'anani liwu limene likupezeka mu theka la zilengezo.

Njira imeneyi ili ndi polekezera pake: ntchito zambiri za m'masitolo ndi makampani ang'onoang'ono sizilengezedwa n'komwe, zimayenda pakamwa, choncho kope lanu lidzaonetsa mabungwe ndi makampani akuluakulu kuposa momwe zilili.

Ndiye khalani kaye kwa amalume masabata khumi ndi awiri, ndalama ya ulendo ija musaikhudze. Lembani, fufutani zobwereza, zungulizani zokhazo zimene mukukwanitsa lero, ndipo muzitumiziratu makalata muli ku Mzuzu komweko. Mzinda umene uli ndi zozungulizidwa zambiri, ndiponso umene wakuitanani kawiri, ndi umene mukafunireko chipinda.